Kupeka mafunso osankha yankho kuchokera pa chithunzi cha tsamba la fotosinthesisi

M'sukulu zambiri zoyendera kuno ku Nkhotakota buku la bayoloje limakhala limodzi kapena awiri, ndipo mphunzitsi akafuna kukonza mafunso kunyumba amangojambula tsamba pa foni n'kubweza bukulo mu kabati. Tiyeni titenge tsamba limodzi lotere, la Fomu 2, lokamba za fotosinthesisi, ndi kutulutsamo mafunso okhala ndi mayankho anayi, A mpaka D, pamodzi ndi pepala la mayankho olondola. Mafunso ndawalemba m'Chichewa kuti tione bwino mmene amangidwira. Popeza mayeso a bayoloje a MANEB amabwera m'Chingerezi, pepala lopita kwa ana mudzalilemba m'Chingerezi, koma kamangidwe kake n'komweko.

Yambani ndi chithunzicho

Jambulani masana, pamthunzi wa pakhonde, osati padzuwa lenileni. Pepala losalala limanyezimira ndipo mzere umodzi kapena iwiri imatha kufufutika osadziwa. Tsindirani buku kuti ligone bwino, chifukwa pakati pamene masamba amakumana mawu amapindika. Foni iyang'ane tsamba molunjika kuchokera pamwamba, ndipo nambala ya tsamba ioneke. Jambulaninso kachiwiri pafupi, malo awiri okha: pa fomula ndi pa chojambula cha mkati mwa tsamba la chomera. Ngati mnzanu ndiye akukutumizirani pa WhatsApp, mupempheni atumize ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa ndipo timanambala tating'ono timasokonekera.

Timanambala timeneti ndi timene timavutitsa. Fomula yolondola ndi iyi:

```
6CO2 + 6H2O → C6H12O6 + 6O2
```

M'buku, manambala amene ali pambuyo pa chilembo amakhala aang'ono ndiponso otsikira pansi. Pa chithunzi chosaoneka bwino 6 amafanana ndi 8, ndipo 12 amatha kuoneka ngati 2. Musadalire maso okha, werengani maatomu mbali zonse ziwiri. Kaboni: 6 kumanzere, 6 kumanja. Hayidirojeni: 12 ndi 12. Okosijeni: kumanzere 12 kuphatikiza 6, kumanja 6 kuphatikiza 12, zonse 18. Zikapanda kufanana ndiye kuti mwakopera molakwa, kapena buku lenilenilo linasindikizidwa molakwa, zimenenso zimachitika. Onaninso ngati chiganizo chomaliza chathera pa tsamba lomwelo. Chikapitirira kuseri, musafunsepo kanthu mpaka mutaona mbali yotsalayo.

Tulutsani mfundo, musakopere ziganizo

Tengani kope, lembani mfundo iliyonse pamzere wake m'mawu anu ndi kuipatsa nambala. Tinene kuti tsamba lathu lili ndi ndime ziwiri, fomula, ndi kabokosi kofotokoza kayezedwe ka sitachi. Mfundo zake zikhoza kutuluka chonchi.

M1. Chomera chobiriwira chimapanga gulukosi kuchokera ku kaboni dayokisaidi ndi madzi.
M2. Kaboni dayokisaidi amalowera pa timabowo ta masitomata, madzi amalowera kumizu n'kukwera m'zayilemu.
M3. Kolorofilo amakola mphamvu ya kuwala, ndipo amapezeka m'makoloropulasiti.
M4. Okosijeni amatuluka ngati chotsalira.
M5. Shuga amayenda m'fuloyemu kupita mbali zina ndipo amasungidwa ngati sitachi.
M6. Poyeza sitachi, tsamba la chomera limaphikidwa m'madzi, kenaka m'ethanolo wotentha, kenaka limatsukidwa m'madzi ofunda, ndipo pomaliza limathiridwa ayodini. Pamene pali sitachi pamada, pamakhala buluu woderatu.

Manambalawa mudzawafuna polemba pepala la mayankho. Akuthandizaninso kuona ngati mafunso anu onse aunjikana pa ndime yoyamba, chomwe chimachitika kawirikawiri chifukwa ndime yoyamba ndiyo yosavuta kufunsa. Tsamba limodzi lotere limabereka mafunso abwino asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukalikakamiza kuti litulutse 20, mudzayamba kufunsa chinthu chomwecho kawiri, ndipo funso lina lidzaulula yankho la linzake.

Funso loyamba, ndi vuto la mayankho abodza

Lembani thunthu la funso, kapena kuti mawu ofunsa amene amakhala pamwamba pa mayankho, mwakuti mwana wodziwa atha kuyankha mutaphimba mayankho onse ndi dzanja. "Kodi cholondola ndi chiti pa fotosinthesisi?" si funso, chifukwa palibe angayankhe asanaone zosankhazo. Funsani chinthu chimodzi chodziwika.

1. Ndi mpweya uti umene chomera chimatenga mumlengalenga kuti chipangire gulukosi?
A. okosijeni
B. nayitirojeni
C. kaboni dayokisaidi
D. nthunzi ya madzi

Yankho lolondola mumalilemba m'kanthawi kochepa. Ntchito yeniyeni ili pa atatu otsalawo. Yankho labodza labwino ndi limene mwana wosamvetsa angalisankhe ndi mtima wonse, ndipo inu muyenera kudziwa chifukwa chake. Okosijeni adzakola mwana amene amasokoneza cholowa ndi chotuluka, kapena amene amaganiza za kupuma. Nayitirojeni adzakola amene akukumbukira kuti ndi mpweya wochuluka koposa mumlengalenga, kapena amene amamva dzinali pa nkhani ya feteleza wa yureya. Nthunzi idzakola amene akudziwa kuti madzi amafunika koma waiwala kuti amalowera kumizu. Pa D ambiri amaikapo dzina la mpweya wina uliwonse umene wabwera m'mutu, monga hiliyamu. Palibe mwana amasankha zimenezo, ndiye funso limasanduka la mayankho atatu, ndipo wongolota mwayi wake umakwera kuchoka pa 25 pa 100 kufika pa 33.

Nanga mayankho abodza abwino mumawapeza kuti? Osati pa chithunzi cha buku. Ali m'makope a ana anu ndi m'zimene amayankha m'kalasi. Pa fotosinthesisi zolakwa zake n'zodziwika ndipo zimabwerabwera chaka ndi chaka: kuti chomera chimadya dothi kudzera kumizu, kuti feteleza ndiye chakudya cha mbewu, kuti kuwala ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimasanduka shuga, kuti chomera chimapuma usiku wokha, ndi kuti kolorofilo ndi koloropulasiti n'chinthu chimodzi. Zisanu zimenezi zikukwanirani mafunso onse a tsambali.

Chotsani funso m'buku, mulibweretse kumunda

Funso loyamba lija mwana woloweza amalikhoza osamvetsa kanthu. Limodzi kapena awiri otere ndi okwanira. Otsalawo atenge mfundo ya m'buku n'kuiika pa chinthu chimene bukulo silinatchule koma mwana amachidziwa. Kuno chinthu chimenecho ndi chinangwa. Mwana aliyense waona mzu ukuzulidwa, kuviikidwa, kuyanikidwa mpaka kusanduka ufa wa kondowole, ndipo pafupifupi aliyense amakhulupirira kuti kunenepa kwa mzuwo kunachokera m'nthaka, poti umakhala m'nthakamo.

2. Sitachi wa mu mzu wa chinangwa amapangidwa kuchokera ku chiyani?
A. michere yotengedwa m'nthaka
B. shuga wochokera m'masamba
C. madzi okwera m'tsinde
D. manyowa owolera mumzere

Yankho ndi B, ndipo likuchokera pa M5. Taonani zinthu zitatu pa kalembedwe kake. Mayankho onse ndi otalika mofanana. Mphunzitsi akamaopa kutsutsidwa amawonjezera mawu pa yankho lolondola mpaka limatalika kuposa anzake, ndipo ana ochenjera anazindikira kalekale kuti lalitali ndilo loona. Chachiwiri, onse anamangidwa mofanana, dzina la chinthu kenaka kumene chachokera. Chachitatu, thunthu la funso latha ndi mawu akuti "chiyani", amene sakondera yankho lililonse. M'Chichewa mgwirizano wa mawu umaulula msanga. Mukalemba kuti "Chinthu chimene chimakola kuwala ndi cha mtundu wanji" kenaka mayankho atatu n'kuyamba ndi "wa" koma limodzi ndi "cho", mwana sasowanso bayoloje. M'Chingerezi zomwezi zimachitika ndi timawu tating'ono toyambirira dzina monga "a" ndi "an", ndiponso ndi mawu osonyeza chimodzi kapena zambiri, choncho mukamasulira muwerengenso thunthu pamodzi ndi yankho lililonse palokha.

A ndi D akufanana pang'ono, onse akunena za nthaka. Ndawasiya dala chifukwa chikhulupiriro chimenechi ndicho chozama kwambiri. Si ana athu okha. Wasayansi wina wa ku Ulaya, Jan Baptist van Helmont, m'zaka za m'ma 1600, anadzala kamtengo mumphika wa dothi loyezedwa kulemera kwake n'kumangothirira madzi kwa zaka 5. Mtengo unawonjezera makilogalamu pafupifupi 74 pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti zonse zachokera m'madzi, ndiye kuti akanasankha C. Nkhaniyi muisunge, mudzaifuna tsiku lobweza mapepala.

Pa mfundo ya nzimbe za ku Dwangwa mukhoza kumanga funso lofanana nalo, la kumene kutsekemera kwa tsinde kumachokera, koma musaike onse awiri pa pepala limodzi. Akuyeza chinthu chimodzi.

Kabokosi ka kuyeza sitachi

Apa ndi pamene mayankho abodza amabwera okha, chifukwa sitepe iliyonse ili ndi cholinga chake ndipo ana amazisinthanitsa. Kuphika m'madzi kumapha maselo ndi kuimitsa zonse zochitika m'tsambamo. Ethanolo amachotsa kolorofilo kuti mtundu wa ayodini uoneke. Madzi ofunda amafewetsa tsamba, chifukwa likatuluka m'ethanolo limakhala louma gwa, losachedwa kuthyoka. Funsani za sitepe imodzi, zolinga za masitepe enawo zikhale mayankho abodza.

3. Poyeza sitachi, tsamba lophikidwa kale m'madzi limaikidwa m'ethanolo wotentha. Cholinga cha ethanolo n'chiyani?
A. kupha maselo a tsamba
B. kufewetsa tsamba
C. kusungunula sitachi
D. kuchotsa kolorofilo

Mawu akuti "lophikidwa kale m'madzi" sanalowe mwangozi. Popanda iwo mwana wanzeru akhoza kukutsutsani kuti ethanolo wotentha amaphanso maselo, ndipo akhala akunena zoona. Ndi mawuwo, A watsekeka, chifukwa maselo anafa kale. Uku ndiko kuyesa kofunika pa yankho labodza lililonse: mudzifunse ngati pali njira iliyonse imene lingakhalire loona. Ikapezeka, konzani thunthu kapena sinthani yankholo.

Funso lachinayi lifune kuti mwana alosere zotsatira.

4. Chomera cha masamba amawangamawanga, obiriwira pakati ndi oyera m'mphepete, chinaikidwa mumdima maola 48 kenaka padzuwa maola 6. Tsamba lake litayezedwa ndi ayodini, ndi mbali iti imene inada?
A. pakati pokha
B. m'mphepete mokha
C. tsamba lonse
D. palibe mbali inada

Yankho ndi A, kuchokera pa M3 ndi M6: koyera kulibe kolorofilo, ndiye sikupangidwa sitachi. Maola 48 a mumdima ndi oti chomera chimalize sitachi wakale. Amene wasankha C akuganiza kuti kuwala kokha n'kokwanira. Amene wasankha D wakodwa ndi mdima uja, waiwala kuti dzuwa linabwera pambuyo. B amasankhidwa ndi amene akuganiza kuti ayodini amaoneka bwino poyera, osakumbukira kuti ethanolo wayeretsa kale tsamba lonse. Zosankha zinayizi zatenga zonse zimene zingatheke, choncho palibe chifukwa cholembera kuti "zonse zili pamwambazi" kapena "palibe cholondola". Ine mayankho awiri amenewa sindiwafuna pa pepala langa. Loyambalo mwana amalipeza akangozindikira kuti ziwiri n'zoona, ndipo lachiwirilo silikuuzani ngati akudziwa yankho lenileni.

Pa fomula musafunse nambala imene yalembedwa kale poyera. Isuntheni pang'ono.

5. Pamafunika mamolekyu angati a kaboni dayokisaidi kuti papangidwe mamolekyu 2 a gulukosi?
A. 2
B. 6
C. 12
D. 24

Yankho ndi C. Woloweza adzathamangira 6. Amene watenga 12 wa hayidirojeni n'kuchulukitsa kawiri adzapeza 24. Manambala muziwandandalika kuyambira chochepa kupita chachikulu nthawi zonse, kuti malo a yankho asaulule kanthu.

Funso limene tsamba silikuloleza

Mudzalakalaka kufunsa zimene mtengo wa mango umachita usiku, chifukwa mukudziwa kuti ana ambiri amati chomera chimapuma usiku wokha, pamene zoona n'zakuti chimapuma usana ndi usiku ndipo chimene chimaima mumdima ndi fotosinthesisi. Ndi funso labwino, koma yang'anani pa mndandanda wanu: kuyambira M1 mpaka M6 palibe ponena za kupuma. Ngati mwauza ana kuti mafunso achokera pa tsamba limeneli, lisiyeni, lidikire mutu wa kupuma. N'chimodzimodzi ndi funso la kumene okosijeni amachokera. Amachokera ku madzi, osati ku kaboni dayokisaidi, koma fomula yokha sionetsa zimenezo, ndipo mwana amene wawerenga tsamba lonse mokhulupirika alibe poyambira.

Ngati mukufuna funso la chojambula, chijambuleni nokha pabolodi kapena papepala, muchotse mayina onse ndi kuika X pa mbali imodzi. Muvi ufike penipeni. Muvi wothera pakati pa kabowo ndi selo lolondera kabowoko uli ndi mayankho awiri. Chithunzi cha bukulo chikhale chanu chogwirira ntchito. Mukachitumiza kwa ana pamodzi ndi mafunso, amene ali ndi foni adzangokopera, ndiponso buku lili ndi eni ake.

Pepala la mayankho

Lilembeni nthawi yomweyo, osati tsiku lochonga. Pa funso lililonse muike zinthu zinayi: chilembo, mawu a yankho, nambala ya mfundo, ndi chimene yankho labodza lokopa kwambiri likuulula.

1. C, kaboni dayokisaidi. M1, M2. Wosankha A wasokoneza cholowa ndi chotuluka.
2. B, shuga wochokera m'masamba. M5. Wosankha A kapena D akuti chakudya chili m'nthaka.
3. D, kuchotsa kolorofilo. M6. Wosankha A kapena B wasinthanitsa masitepe.
4. A, pakati pokha. M3, M6. Wosankha C sanaone ntchito ya kolorofilo.
5. C, 12. Fomula. Wosankha B waloweza osachulukitsa.

Mawu a yankho ndi ofunika chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chimawononga mapepala ambiri. Mumalemba mafunso, kenaka mumaona kuti mayankho olondola achuluka pa C, ndiye mumasuntha zosankha, koma pepala la mayankho limatsala ndi zilembo zakale. Pakakhala chilembo chokha simungazindikire. Pakakhala kuti "C, kaboni dayokisaidi" ndipo pa pepala la mafunso C ndi nayitirojeni, diso limagwira pompo. Choncho kusuntha kuyambe, pepala la mayankho litsatire, ndipo muliyerekeze ndi pepala lenileni limene lapita kokasindikiza kapena limene lalembedwa pabolodi, osati ndi kope lanu.

Zilembo zathu zatuluka C, B, D, A, C. Zili bwino. Pa mafunso 20 chilembo chilichonse chibwere kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, koma musachite kuzindandalika A, B, C, D mobwereza, ana amaona. Mndandandawu ukuonetsanso kuti M4, ya okosijeni, sinafunsidwe payokha. Mukhoza kuwonjezera funso lachisanu ndi chimodzi, koma samalani kuti thunthu lake lisanene kuti "chomera chikatenga kaboni dayokisaidi", chifukwa mwapereka yankho la funso loyamba.

Musanapereke kwa ana, patsani mphunzitsi mnzanu mafunso opanda mayankho ayankhe. Mukasiyana pa funso lina, musayambe kukangana kuti wolondola ndani. Mufunseni chimene chinamukokera kumeneko, nthawi zambiri ndi liwu limodzi m'thunthu. Mupatsenso wina amene saphunzitsa sayansi, kaya wa Chichewa kaya wa mbiri. Akakhoza anayi mwa asanu osadziwa bayoloje, mafunso anu akudziulula okha. Pa nthawi, mphindi imodzi pa funso imakwana, kupatula lachinayi limene lingafune ziwiri.

Mukachonga

Musangolemba malikisi. Dziwaninso kuti wongolota amapeza pafupifupi limodzi pa mafunso anayi alionse, ndiye 5 pa 20 sakutanthauza kuti mwana akudziwako pang'ono. Chothandiza ndi kuwerenga kuti chilembo chilichonse chasankhidwa ndi ana angati. Tiyerekeze kuti kalasi ili ndi ana 60 ndipo funso lachiwiri latuluka chonchi: A 21, B 27, C 4, D 8. Okhoza ndi 27 mwa 60, kapena kuti 45 pa 100. Funsolo silophweka koma si loipa. Chachikulu n'chakuti 29, pafupifupi theka la kalasi, aloza kunthaka. Phunziro lotsatira likhale la zimenezo, ndipo apa ndi pofotokozera za mphika wa van Helmont, kapena kufunsa ana chimene chimachitikira mizu ya chinangwa anthu akathyola chigwada mopitirira muyeso kapena mbuzi zikadya masamba onse.

Kenaka patulani mapepala 15 apamwamba ndi 15 apansi potengera malikisi onse. Ngati pa funso lachiwiri apamwamba 12 akhoza ndipo apansi 3 okha, funsolo likusiyanitsa odziwa ndi osadziwa, lisungeni. Ngati apamwamba ambiri asankha chilembo chimodzi chosiyana ndi chanu, musafulumire kunena kuti ana sanawerenge. Bwererani ku pepala la mayankho muone ngati chilembo chikugwirizana ndi mawu, kenaka ku chithunzi muone ngati munakopera bwino, kenaka ku thunthu muone ngati yankho lawolo lingakhale loona. Likakhala loona, apatseni malikisi onse amene analisankha ndipo mukonze funsolo lisanagwiritsidwenso ntchito. Yankho labodza limene palibe ndi mmodzi yemwe walisankha lichotseni, ndipo m'malo mwake muikemo cholakwa chimene mwamva m'kamwa mwa ana tsiku lobweza mapepalalo.